Mzere Umene Alamu Anachonga

"Dzanja limene linachonga apa ndi la ndani? Alamu, ndikufunsa inu, musayang'ane nsapato!"

Wokuwayo ndinali ine, pepala lili m'manja, pakhomo pa kachipinda kamene achemwali anga anasandutsa ofesi. Achemwaliwo anali phee pampando. Ine zokhala phee sindizitha.

Achemwali angawa anthu amawatcha Achonga, chifukwa ngakhale kogula sopo amapita ndi mndandanda. Masana amasindikiza makhadi a ukwati pashopu ya eni ake. Zaka zitatu, Loweruka lililonse, akhala akujambula gemu ya pakompyuta: mayi wapanjinga wogawa makalata m'misewu yokhotakhota. Zithunzi ndi nkhani ndi zawo. Pulogalamu ankalemba alamuwa, mng'ono wa amuna awo.

Kuika gemu pasitolo ya pa intaneti si kuyala tomato pamsewu. Mndandanda unali pakhoma, mizere khumi ndi iwiri. Zithunzi za patsamba anazitenga m'gemu mwenimwenimo, osakometsera. Kavidiyo kotsatsa anakadula kanayi kuti njinga izioneka ikuthamanga poyambirira pomwe. Gemu yoyesera inapita kwa anthu khumi, mmodzi ndine, ndi zala zangazi zozolowera sipanala.

Vuto ndinalipeza ndine. Ukafika gawo lachinayi n'kutseka, pobwerera umapeza zonse zafufutika. Achemwali analemba mzere womaliza: kukonza, kuyesanso, kenako kusamutsa yokonzedwayo kuchoka koyesera kupita kumene ogula amatsitsa. Lachitatu alamu anachonga, amvekere zatheka. Achemwali ankafuna kudziyesera okha, koma amuna awo anafunsa ngati m'bale wawo wasanduka wabodza. Anasiya. Aka kanali koyamba kukhulupirira mzere umene sanachonge okha.

Eni sitolo anali atavomereza kale gemuyo, koma iwo sasewera mpaka gawo lachinayi. Lachisanu achemwali anadina batani lotulutsira gemuyo kwa ogula. Pofika Lamlungu, ndemanga zisanu ndi ziwiri mwa khumi zinali zodandaula za chinthu chomwecho.

Kulakwitsa timalakwitsa tonse. Chandiwiritsa magazi ndi ichi: patsamba panali maina awiri a opanga, lero pali limodzi. Alamu anachotsa lawo Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi. Ankadziwa kuti sanakonze kanthu. Anali atapeza ntchito kukampani ina, ndipo sanafune kuti mabwana atsopanowo aone dzina lawo pa chinthu chothyoka. Matope onse agwere mkazi wa achimwene awo, amene ankawaphikira tiyi zaka zitatu.

Gemu ikonzedwa, achemwali ayamba kale mndandanda wina. Koma ndemangazo zikhala pompo pansi pa dzina lawo.

Alamu anayamba zoti tikambirane monga banja. Ndinawakankhira kiyibodi.

"Banja mwalikumbukira lero? Bwezerani dzina lanu patsambapo, mulembe kwa ogula kuti munachonga ndinu. Muchoka pano mutayankha."