Mzere Umene a Magalita Anakana Kudula

A Magalita Jere anali ataphunzitsa giredi faifi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pa sukulu ina ya ku Chiparamba, ndipo aliyense ankawadziwa ngati munthu wolota masana. Ankatha kuima pabolodi choko chili m'manja, maso ali pa zenera, kuyang'ana mitambo ikutsika pa mapiri, mpaka ana atayamba kutsokomola dala. Atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu analembetsa maphunziro a dipuloma ya Chinyanja pa koleji ina ya m'tauni ya Chipata, yophunzirira kunyumba n'kumapitako pa holide.

Pa holide ya Epulo, mphunzitsi wawo, Madamu Sesiliya Sakala, anawapatsa ntchito yolemba ndakatulo yokhudza kwawo. Pepala loyamba linali ndi malangizo: ndime zitatu, iliyonse mizere isanu ndi umodzi. Lachiwiri linali ndi mabokosi okhaokha. A Magalita analipinda n'kuliika m'chikwama osaliwerenga. Ndakatulo analemba tsiku lomwelo, yotamanda Chipangali, kumene anabadwira: dziko lokongola ngati duwa, anthu ake amtima wabwino, nthaka yake yachonde.

Anakaonetsa mnzawo Dolika Mvula, yemwe ankakhala naye benchi imodzi, atakhala pansi pa mtengo wa mango.

"Amwali, Chipangali ili pati pamenepa?" anafunsa Dolika. "Mutachotsa dzinali n'kuikapo Katete, chingasinthe n'chiyani? Rubuliki ija mwaiwerenga?"

"Ya mabokosi ija? Ndimayesa ndi ya Madamu, yochongera."

"Ndi yochongeradi. N'chifukwa chake atipatsa, kuti tidziwiretu chomwe akufuna."

A Magalita anaiwerenga ali m'minibasi pobwerera kunyumba. Kumanzere kunali zinthu zitatu: zithunzithunzi, malikisi asanu ndi atatu, kamangidwe, asanu ndi limodzi, luso lakelake la wolemba, asanu ndi limodzinso. Chilichonse chinali ndi mabokosi anayi, kuyambira "bwino koposa" mpaka "zofooka", ndipo bokosi lililonse linkafotokoza mmene ndakatulo yotero imaonekera. Anayamba ndi lapansi pa zithunzithunzi: "Mawu ongotamanda ndi mafanizo otha ntchito, wowerenga saona kanthu." Zinali ngati Madamu anali atawerenga kale duwa lawo lija. Lapamwamba linkati: "Wowerenga aone, amve, anunkhize kapena akhudze chinthu chenicheni, ndipo zithunzizo zithandizane kunena nkhani imodzi."

Anatseka maso. Galimoto inkagwedera, ndipo pang'onopang'ono anapezeka ali m'munda wa thonje wa bambo awo, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Unali mwezi wa Juni, m'mawa wozizira. Munda wonse unali mbee, ngati mitambo yagona pansi kuti ipumule. Zikhokhombe za thonje zinkabaya m'mphepete mwa zikhadabo. Bambo awo anali kutsogolo, thumba likukwekwereka kumbuyo kwawo, timaulusi toyera titakakamira ku ndevu zawo. Mayi awo anawerama n'kunena motsitsa kuti, "Taona, atate ako akukalamba mzere uliwonse, madzulo asanduka mnyamata." Kondakitala anachita kuwagwedeza a Magalita paphewa, anali atapitirira siteji yawo.

Sabata imeneyo analemba za m'mawa umodzi wokhawo. Amuna awo, a Simoni, omwe ankakonza njinga pamsewu, ankawapeza pakhonde akuwerenga chala pa mabokosi, milomo ikuyenda.

"Amake Tiyamike, kodi mukulemba ndakatulo kapena mukudzaza fomu ya feteleza?"

"Zonse," anayankha osadzutsa mutu.

Pa kamangidwe, bokosi lapamwamba linkafuna ndime zitatu za mizere isanu ndi umodzi, mizere yofanana kutalika kuti mawu aziyenda ndi kugunda kumodzi, ndiponso kuti ndime iliyonse ipititse nkhani patsogolo. A Magalita anali ndi mizere makumi awiri ndi umodzi. Anaiwerenga mokweza, akuomba ntchafu. Itatu yomwe inachoka inali yofotokozera, monga wakuti "Ubwana wanga unali wokoma", ndipo itachoka anadabwa kuona kuti palibe chasowa. Ndime yoyamba anaipatsa kuzizira, yachiwiri kutola, yachitatu ulendo wobwerera kumudzi.

Koma mawu a mayi awo aja anali aatali kuposa mizere ina yonse. Anayesa kuwadula pakati, mizere ya ndimeyo inakhala isanu ndi iwiri. Anayesa kuchotsa "taona", mayi awo anasowamo.

Panalinso china chinkawadetsa nkhawa. Pa luso lakelake, rubuliki inkati ntchito yotengedwa kwa wina sipeza malikisi. Atabwerera ku koleji kukapereka ntchito, anagogoda pa ofesi ya Madamu Sakala.

"Madamu, mzere uwu si wanga. Ananena ndi malemu mayi anga. Kodi ndaba?"

Madamu anavala magalasi n'kuwerenga mzerewo kawiri. "Anaulemba m'buku?"

"Sankadziwa kulemba."

"Ndipo mwaonetsa m'ndakatulomu kuti akulankhula ndi iwo. Kuba n'kutenga ndakatulo ya wina n'kunena kuti ndi yanu. Izi ndi zomwe munamva ndi makutu anu, ndipo palibe wina m'kalasi muja angazilembe. Bokosi lija likufunsa zimenezo. Koma mwaona kuti mzerewu ndi wautali?"

"Ndaona, Madamu."

"Ndiye mukudziwa chomwe pepala likunena. Sindingachonge mosiyana ndi zomwe ndinakulonjezani nonse."

A Magalita anatuluka n'kukakhala pa khonde la laibulale, cholembera chili m'manja. Kutsidya, mapiri a Chipata anali atavala utsi wopyapyala, ndipo ankaoneka ngati akuyandama. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linasuntha mthunzi kuchoka pa mapazi awo. Kenako ananyamuka, n'kukapereka ndakatulo mzere uja uli chimodzimodzi.

Zotsatira zinabwera pa holide ya Ogasiti, rubuliki itamatidwa pamwamba, mabokosi atazunguliridwa ndi inki yofiira. Zithunzithunzi, asanu ndi awiri: Madamu analemba kuti thonje kufanana ndi mitambo ena ananenapo kale, koma ndevu zija ndi zikhadabo zinali zatsopano. Luso lakelake, onse asanu ndi limodzi. Kamangidwe, anayi, bokosi lachiwiri: mzere wakhumi ndi chimodzi ukuswa kugunda kwa ndime. Onse pamodzi, khumi ndi asanu ndi awiri mwa makumi awiri. Dolika, yemwe mizere yake inali yolingana ngati mizere ya m'munda, anawaposa ndi limodzi, ndipo anawaseka nazo mpaka pa siteji.

Chakumapeto kwa mwezi womwewo a Magalita anakwera galimoto ya ku Chipangali kukaona achemwali awo aakulu, a Rosina, omwe maso anali atayamba kuchita khungu. Anawapeza akusenda nsawa pabwalo, ndipo anawawerengera ndakatulo ija pang'onopang'ono. A Rosina anasiya kusenda. Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mphepo.

"Waiwala nyimbo," anatero. "Atate ankaimba potola."

"Ankaimba? Ine sindikukumbuka."

"Unali mwana. Sendera kuno."

A Magalita anasendera pa mphasa, ndipo a Rosina anayamba kuing'ung'uza nyimbo ija chapansipansi, akuima apa ndi apo kufunafuna mawu.