Phiri Ndilo Linkapalasa

A Lajabu a ku Sadzi anayamba kugulitsa nkhuni ndevu zisanamere, ndipo mukawafunsa za chuma chawo amangodzimenya pantchafu. M'mawa amakwera Phiri la Zomba ndi njinga, masana n'kutsika nayo itasenza mulu wa paini wowaposa msinkhu. Nkhani ya ukwati wa mwana wawo Bushra amaifotokoza okha, akudziseka.

Masiku amenewo magetsi ankangothimathima, choncho akuchimuna anati abweretsa jenereta. A Lajabu zinawapweteka. Mwana mmodzi yekhayo, nyimbo za pa ukwati wake zilire ndi mafuta a eni? Anakana kwamtuwagalu. Anapita kwa Salim, wokonza mawailesi ku Mbedza, yemwe anali ndi njinga yomangirira pathabwa. Ukaipalasa, gudumu lakumbuyo limazunguza kamota ndi lamba, kamotako n'kumathira moto m'batire.

A Lajabu anakwerapo n'kupalasa mwaukali mpaka mita inaloza mphamvu ya mawati 300. Anatsika msanga, akubisa wefuwefu.

"Amenewo ndi a mphindi imodzi, che Lajabu," anatero Salim. "Munthu wamba akamapalasa ola lathunthu amatulutsa mawati 70, akalimba 100. Mafoni ndi mababu zimakwana. Koma masipika anuwo amadya 200, ndipo batire langali ndi lokalamba."

"Wamba ndi iweyo," anayankha a Lajabu. "Ine ndine wa m'phiri."

Pa tsiku laukwati magetsi anathimadi. Njinga ya Salim anaiika kuseri kwa nyumba, nthambo n'kudutsa pazenera, a Lajabu n'kukwerapo. Nyimbo zoyamba zinalira bwino, poti batire linkawonjezera mwakachetechete pamene miyendo inkaperewera. Kenaka ntchafu zinayamba kuyaka moto, malovu anauma. Apa m'pamene a Lajabu anakumbukira chinthu chimene aliyense wa nkhuni amachidziwa koma sachinena: pokwera phiri njinga amachita kuikankha, potsika amangofinya mabuleki. Zaka zonsezi amene ankapalasa ndi phiri, iwo ankangoperekeza.

Batire linafooka, nyimbo n'kuduka pamene Bushra ankatuluka m'nyumba. Kunja kunati zii. A Lajabu anachita manyazi mpaka misozi inalengeza.

Salim anazula masipika aakulu aja, n'kulumikiza foni ndi kasipika kamodzi. Mapedulo anapepuka. Umenewu tsopano unali mtolo wa msinkhu wawo. Nyimbo inabwerera, yaing'ono ndithu, amayi n'kuithandiza ndi m'manja ndi nthungululu. Anzawo a nkhuni anabwera kudzapempha kuti awalandire, koma a Lajabu, pofuna kupulumutsa kaulemu kotsalako, anawabweza onse. Anapalasa pang'onopang'ono, osaima, mpaka alendo anabalalika ndipo mkwatibwi anatengedwa.

Lero panjinga ya Salim amatchajapo foni yawo yokha, ndipo ntchafu sadzimenyanso. Mukawafunsa za ukwatiwo amaseka kaye, kenaka kuseka kumatha.

"Anthu amati mwana wanga anatchena kwambiri tsiku limenelo," amatero. "Ine ndinaona khoma."