Mutu wa Makina

Pakati pa usiku, kuseri kwa khoma kunkamveka makina osokera: tcheketcheke, kenaka zii, kenaka tcheketcheke. Amake mapasa anali m'maso. Makinawo anali a alandilodi. Amake mapasa ankangobwereka masana, ndipo pa diresi lililonse theka la ndalama linkatsala komweko.

Chibadwire mapasawo, ankasunga ndalama zoti adzagule makina awoawo. Ankazisokerera mu pilo, ulusi wake wothithikana, kuti ngakhale abambo a anawo asatapeko. Ndipo sanatapeko. Ankangoseka kuti m'nyumba monse wonenepa ndi pilo yekha.

Chaka chatha ndalamazo zitafika theka, mwini sitolo yogulitsa makina anawauza kuti apereke zomwezo, awasungire makina pa mtengo wa tsikulo, zotsalazo azimaliza pang'onopang'ono. Anakana. Ndalama za ana awo zikagone kwa munthu wachilendo? Nanga akatseka sitolo n'kuthawa? Anati adzabwera zikakwana.

Dzulo zinakwana. Anapita kukaona kaye, mwana mmodzi kumsana, wina pa dzanja, n'kupeza kapepala ka mtengo kasinthidwa. Mwini sitolo anafotokoza mosakweza mawu kuti makina amachokera kunja, amawagula ndi ndalama zakunja, ndipo ndalama yathu yagwa. Akagulitsa pa mtengo wakale sangathe kuitanitsa ena.

"Mayi, munali ndi theka chaka chatha. Lero muli ndi theka."

Atabwerera kunyumba anafotokoza zonse. Alamu awo anati akanaika ku banki, koma anavomera okha kuti chiwongoladzanja chimakwawa pamene mitengo ikuthamanga. Alandilodi, singano kukamwa, anati iwo ndalama sagona nayo: ikangobwera amagula mazipi, ulusi ndi mabatani, zinthu zosawola, zimene mtengo wake umakwera limodzi ndi zinzake.

"Inu mwadyetsa pilo, achemwali. Mbava yake siithyola chitseko."

Tsopano amake mapasa anapapasa pilo mumdima. Zonse zinalimo, palibe pepala losowa. Komatu sopo amene ankagula wathunthu tsopano ankagula wodula pakati, ndipo mapasa ankakula, nsapato zikuwathina. Akadikira chaka china adzakhala ndi chiyani? Theka lomwelo, mwina osafikanso.

Kumsika kunali mkulu wina wokonza makina, amene ankagulitsa mutu wakale wa makina, wopanda thebulo, wopanda chopondera, pa mtengo woti za mu pilo zikanakwana. Sungasoke kanthu pawokha. Thebulo nalonso lidzakhala likukwera mtengo iwo akusunga, ankadziwa. Mwina mutuwo udzakhala pansi pa bedi mpaka ana adzayambe sukulu.

Koma chitsulo sichichepa munthu ali mtulo.

Kuseri kuja makina anasiya kulira. Amake mapasa anafunditsa ana, nafufuza kalumo pawindo, n'kuyamba kusomola ulusi wa pilo. Kukacha akagula mutuwo, mkulu uja asanamve kuti kusitolo zakwera.