Kamkombero ka pafoni ya alamu

Mwana wanga atakwanitsa zaka ziwiri anali asanayambe kuyenda. Ndikamuimiritsa, mwendo wamanzere unkaponda ndi zala zokha, chidendene chili m'mwamba. Kuchipatala cha ku Boma, amayi oona za mafizo, owongola ziwalo, anandionetsa kawongoledwe ka phazi, koma anthu anali ambiri pa benchi, ndipo ine ndinangoti eya pa zonse. Ndili choncho chibadwire. Munthu wophunzira akandifunsa ngati ndamva, pakamwa panga pamayankha pokha.

Mwina anandiona m'maso, chifukwa anafunsa ngati kwathu kuli foni yaikulu. Anati pali kanema wa m'Chichewa woonetsa zonsezo pang'onopang'ono, ndizikaonera n'kumachita tsiku lililonse, ndidzabwerenso mwezi ukatha. Anandichenjeza kuti mtsempha wa kuchidendene ukasiyidwa umanka nuuma.

Ndinali pachitengwa, kwawo kwa amuna anga, m'mudzi wa m'chigwa kuseri kwa Malomo. Amuna angawo anali ku esiteti ku Kasungu ndi kafoni ka mabatani. Foni yaikulu pamudzipo inali imodzi, ya alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene amagula soya m'misika. Nambala yawo ndinali nayo pakapepala m'buku la kusikelo, ndipo kanemayo anatumizidwa kumeneko. Sanali kanema wokhala m'foni ayi, anali mzere wa zilembo woti ukadina, kanemayo azibwera kuchokera pa intaneti.

Kupempha foniyo kunanditengera masiku atatu. Tsiku lachinayi alamu ananditsegulira okha, naitsamiritsa ku mpando wa ndalema pakhonde panga, n'kupita kukayang'ana matumba awo. Ndinayala mphasa, ndinagoneka mwana chagada. Amayi a m'kanemamo anagwira chidendene cha mwana wawo ndi dzanja limodzi, linalo likukankha phazi kulozetsa kubondo. Inenso ndinatero. Ndiye amayi aja anaima, dzanja lili pomwepo, ndipo pakati pa chithunzi panabwera kamkombero koyera kozungulira.

Ine ndinaganiza kuti kamkomberoko ndi wotchi yake. Ndinati akutanthauza kuti ugwire choncho mpaka kathe kuzungulira. Ndinagwira. Mwana anayamba kudzikoka, kenako kulira, ine ndili chigwirire, maso ali pa kamkombero, mumtima ndikuti pirira mwanawe, ndi mankhwala. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti apongozi aakazi anachokera kudimba akuthamanga, khasu lili m'manja.

“Kodi mukufuna kumuthyola? Mwana akulira chonchi inu maso ali pa wailesi yakanema?”

Anamunyamula. Nthawi yomweyo kanema anayambanso, amayi aja akupitiriza mawu awo ngati palibe chachitika. Apongozi anati zimenezi asazionenso. Anati iwo alera ana asanu ndi awiri popanda kuwapinda miyendo, ndipo ngati mwendo ukuvuta, kuli munthu kutsidya wodziwa kutemera mphini. Ndinangoyang'ana pansi. Kwathu ndikanayankha, amalume akanandiimira. Kuno ndinalibe ngakhale nkhuku yoti n'kuitchula yanga.

Alamu atamva anaseka mpaka kukhala pa thumba.

“Mlamu, kameneko sikawerengera. Ndi netiweki ikukoka. Ukakaona uzisiya mwendowo, iwe!”

Anawanyengerera amayi awo kuti andipatse mlungu umodzi. Koma mlungu umenewo unali wowawa. Kanemayo ankayenda bwino pang'ono, mwina nthawi yosenda chimanga chiwiri, kenako kamkombero. Akayambanso, mwana watembenuka kale, wakwawira kumphepete kwa khonde. Nthawi zina ankaima mawu ali pakati. “Mukaona kuti mwana...” basi. Mukaona kuti mwana watani? Ndikadikira, alamu abwera kudzatenga foni chifukwa wina wa soya akuimba. Mawa lake kuyambiranso poyamba, popeza sindinkadziwa kukoka kuti ndifike pamene ndinalekezera. Chiyambi cha kanemayo ndinachiloweza ngati nyimbo ya kutchalitchi. Kumapeto sindinafikeko.

Nditadandaula, motsitsa mawu, alamu anati tiyeze. M'foni mwawo munali choyezera liwiro la intaneti, chokhala ndi muvi ngati wa pa galimoto. Anakwera pachulu cha pafupi ndi chigafa cha fodya, pamene amuna onse amaimbira foni, nabwera akundionetsa nambala.

“Waona? Twente-faifi. Ku Lilongwe anthu amailirira imeneyi. Vuto ndi zala zakozo, zazolowera kupala moto. Ukumadina penapake.”

Ndinafuna kunena kuti ine sindionera pachulu. Pachulupo sindikanapitako n'komwe. Apongozi aamuna ankakhala tsiku lonse m'chigafamo akusoka fodya, ndipo ine ndi iwo sitikhalirana pafupi. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire n'kugwada. Ndiye ndikayale mphasa pamwamba pa chulu, pamaso pawo, miyendo ili tambalale? Koma alamu anaganiza okha, ndipo mawa lake anayezera pakhonde panga penipeni. Muvi unakweranso. Anayeza kachiwiri, unakweranso.

“Nanga pano unena chiyani? Foni yanga ilibe mlandu.”

Kuyeza kulikonse kunkadya bandulo yomwe amuna anga anatumiza kuti ikhale ya mwana, ndipo kunkatha msanga, nthawi yosakwana kumwa kapu ya madzi. Nambala ikangotuluka alamu ankaimirira, nkhani yatha. Ine ndinkatsala ndi kamkombero kanga. Ndinayamba kukhulupirira kuti ndine ndikulakwitsa. Ndinkaika manja kumbuyo kuti ndisakhudze foni, koma kankabwerabe.

Munthu wosowa chochita amayang'anitsitsa. Pa kudikira konseko maso anga anazolowera ngodya ya pamwamba pa foni, pamene pali timizere ta netiweki. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma zilembo ndimazidziwa. Pambali pa timizereto pankalembedwa 4G. Tsiku lina ndinaona pasintha, palembedwa E. Kanema anapitirirabe pang'ono, kenako kamkombero. Patapita nthawi 4G inabwerera, kanema nayenso anadzuka. Ndinadikira kuti ndione ngati zichitikenso. Zinachitika kanayi tsiku limenelo, ndipo nthawi zonse chilembo ndicho chinkayamba kusintha.

Ndinasunga zimenezi masiku awiri. Ndinkaopa kusekedwa. Koma Lachisanu apongozi aakazi anandiuza kuti Lolemba adzuka m'mawa, apita naye mwana kutsidya. Ndinaganiza za lumo pa kamwendo kameneko.

Loweruka masana alamu akubweretsa foni, ndinati, “Alamu, takhalani pansi.”

“Ee? Lero kwagwanji? Mlamu wanga akulamula?”

“Musayeze. Mungokhala. Muziyang'ana apa.”

Ndinaloza pangodya ya foni ndi kamtengo. Anakhala, akuseka, akuti ndiwalipira chiyani pa ntchito ya ulonda. Kanema anayamba. Panapita nthawi, palibe chochitika. Alamu anayamba kugwedeza bondo. Ndiye 4G inachoka, E n'kubwera.

“Tsopano aima,” ndinatero.

Amayi a m'kanema analankhulabe mawu angapo, n'kuima pakamwa pali yasa.

Alamu anasiya kuseka. Anatenga foni nayeza pomwepo, E ikadalipo. Muvi sunanyamuke n'komwe, unangogwedera pansi. Anadikira 4G, nayezanso, muvi n'kuthamanga ngati kale. Anakanda m'mutu.

“Ndiye kuti chinthuchi chimangondiuza za nthawi imene ndachifunsayo basi.”

Anayamba kulankhula okha, monga amachitira akamawerengera matumba. Anati nsanja ya netiweki ili kuseri kwa phiri, khonde langa lili m'munsi, ndiye 4G imangofika mongoyepula. Ikagwira imathamanga ndithu, koma sikhalitsa, foni imagwera ku netiweki yakale yoyenda ngati nkhono. Kanema amakhala atatungiratu pang'ono patsogolo, n'chifukwa chake saima nthawi yomweyo. Zotungazo zikatha ndiye kamkombero. Iwo poyeza ankangopezeka pa nthawi yabwino, ndipo sankakhala n'kudikira.

“Bwanji sunanene kale?”

Ndikananena kale, akanamva?

Ananyamuka ulendo wa kuchulu, kumene 4G sigwa. Pansi pa kanemayo panali kamuvi koloza pansi, kamene iwo amadina akafuna kusunga nyimbo. Anasankha chithunzi chosawala kwambiri kuti bandulo yotsalayo ikwane. Ndinawaona ali chiimire pamwambapo, foni ili m'mwamba, apongozi aamuna akuwafunsa kuchokera m'chigafa ngati akuitana mvula.

Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, ndinaonera kanema yense koyamba, osaima. Mawu aja anatha. Mukaona kuti mwana akumva kuwawa, bwezani phazi pang'ono, musakakamize. Anati kukankha kwake n'kofatsa, uwerenge pang'onopang'ono mpaka makumi awiri, usiye, umusisite, umuseketse. Kunalinso zina zimene sindinazionepo, zomukhazika pa ntchafu mapazi ataponda pansi. Ndinalira, koma chamumtima, chifukwa apongozi aakazi anali ataima pakona pa nyumba akuonera nawo.

Nditayesa pa mwana sanalire. Anangondimenya ndi chitsononkho chimene ankaseweretsa.

Apongozi anati, “Za Lolemba tidikire kaye. Koma ndikamvanso kulira kuja, sindifunsa munthu.”

Kanemayo anakhala m'foni ya alamu, ndipo foni inkapita kumene iwo apita. M'nyengo ya soya ankatha masiku anayi ali ku Malomo. Ndiye tsiku lililonse akapezeka ndinkaonera kawiri, milomo ikutsatira mawu, mpaka zonse zinalowa m'mutu. Patapita milungu itatu anachotsa kanemayo kuti apeze malo a zithunzi za ukwati wa mnzawo. Anandiuza atachotsa kale.

Mwezi utatha ndinabwerera ku Boma. Amayi a mafizo anati ndiwaonetse mmene ndimachitira. Ndinagoneka mwana, ndinagwira chidendene, ndinawerenga. Anagwira phazi okha, nalipinda, n'kunena kuti lafewako, ndipitirize. Anafunsa ngati kanema anandithandiza. Ndinati eya.

Chidendenecho chinali chisanafike pansi. Pobwerera, minibasi inatitsitsa pa Malomo, ndipo ndinayenda wapansi kutsikira kuchigwa, mwana ali kumsana, kaphazi kake kakundigunda m'nthiti. Nditafika pachigafa ndinapatuka n'kugwada monga mwa masiku onse. Apongozi aamuna, osandiyang'ana, anafunsa mwanayo kuti adokotala ati chiyani. Ndinayankhira kumbali kuti ati tipitirize.