Manja a aWailesi ndi Notisi ya aMakiyi

Kuseri kwa malo okwerera basi, mukadutsa mpopi wosatsekeka uja, pali mdadada wa zipinda zisanu zogawana denga limodzi. Chipinda cha kumapeto, choyang'ana kumsewu, chokhala ndi chitseko chobiriwira, ndi chimene ankachita lendi aWailesi. Dzina lawo lenileni lilipo ndithu, koma ngakhale akazi awo ankachita kukaliyang'ana pa buku la kuchipatala.

Anali bambo wamfupi, wadazi, wa magalasi omanga ndi waya. Anakhala m'chipindamo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kutsogolo kunali tebulo la ntchito, kuseri kwa katani bedi, pansi pa bedi mawailesi akufa amene eni ake anati "tibwera Loweruka" koma osanena Loweruka la chaka chiti. Ana awo aakazi awiri anakulira momwemo, kugona pakati pa masipika, ndipo mpaka lero amalankhula mokuwa kumabanja kwawo. Chuma cha aWailesi sichinali m'thumba ayi, chinali chitseko chija. Munthu wailesi yake ikayamba kutsokomola, miyendo inkamufikitsa yokha pamenepo. Kuwachotsa pakhomo limenelo kunali kuwalanda mbale pakamwa.

Mwini mdadadawo anali aMakiyi, bambo wa mimba yotsogola, woyenda ndi mtolo wa makiyi m'chiuno, ngakhale theka la makiyiwo silinkatsegula kanthu. Tsiku lina m'mawa anaima pakhomo n'kutsokomola kawiri.

"Achimwene, mwana wanga wa lole uja wapeza mkazi. Chipinda chino ndikuchifuna. Pofika Lamlungu mukhale mutalongedza."

"Lamlungu liti, bwana?"

"Kodi alipo angati?"

AMakiyi atapita, aWailesi anafukula chitini cha masikuluwu, pansi pake n'kutulutsa pepala la mgwirizano limene awiriwo anasainirana tsitsi lidakali m'mutu. Linali litachita dzimbiri m'makona, koma mawu ankaoneka: wofuna kuthetsa mgwirizanowu apereke notisi yolembedwa ya miyezi iwiri, ndipo aipereke m'manja mwa mnzake.

Anapita nalo kwa wometa wa chipinda chachitatu. Wometayu anazengedwapo milandu iwiri n'kugonja yonse, choncho mdadada wonse unkamutenga ngati loya. Anawerenga pepalalo lumo lili kumanja, munthu atamusiya mutu uli theka.

"Madala, mwawina kale. Zapakamwa zija si notisi."

Pamenepo ananena zoona. Akanalekera pomwepo, bwenzi zili bwino. Koma wometa salekera pakati nkhani, amalekera pakati mutu.

"Ndiye taonani apa: m'manja. Kalata ikapanda kukhudza dzanja lanu, mufera momwemo. Bisani manja, madala!"

Kuyambira tsiku limenelo aWailesi anakhala munthu wopanda manja. Potuluka panja ankawapisa m'khwapa, dzuwa lili ng'aa, ngati akumva malungo. Kasitomala akabweretsa wailesi, ankamuuza kuti aiike pansi, abwerere m'mbuyo masitepe atatu, aonetse zikhatho. Ndalama ankalandira akazi awo. Moni wa padzanja anasiya. Alamu awo atabwera kudzacheza n'kutambasula mkono, iwo anangowerama n'kuwagunda ndi dazi pachifuwa.

"Kodi alamu, zayamba liti zimenezi?"

"Ndi zamalamulo, alamu. Simungamve."

AMakiyi nawo anali atamva kuti pakufunika kalata. Anailemba, n'kuimata mu envelopu ya khaki, n'kuyamba kusaka. Anawadikirira pampopi, aWailesi anabwera atasenza ndowa pamutu, manja m'khwapa, madzi akuwatsikira m'khosi. Anawadikirira pakhomo la chimbudzi, aWailesi anakhala m'katimo mpaka anthu a mdadada wonse anayamba kuvina pamzere n'kuwapempha aMakiyi kuti achoke, chifukwa cha ana. Tsiku lina anathamangitsana kuzungulira mdadada katatu, wina envelopu m'mwamba makiyi akulira, wina akuthamanga ngati nkhuku yomanga mapiko. Amayi ogulitsa makala tsidya la msewu anasiya malonda n'kumawerenga maulendo.

Kenako aMakiyi anayesa nzeru. Anatuma akazi awo ndi wailesi yakale, akuti yasiya kulankhula. AWailesi anamasula masikuluwu anayi, n'kutsegula kumbuyo, n'kuona envelopu ya khaki ija itapindidwa pamalo pa mabatire. Anabweza chivindikiro mofatsa ndi nsonga ya sikuludiraiva.

"Mayi, iyi sindingaithe. Matenda ake ndi a m'banja."

Miyezi itatu inatha choncho. Lendi akazi a aWailesi ankakapereka tsiku lake, aMakiyi n'kulandira, chifukwa mkwiyo ndi wina, ndalama ndi zina. Koma ntchito inayamba kuchepa. Ndani angakonde kukonzetsa wailesi kwa munthu amene amakusecha ngati wapolisi? Ndiye ukwati wa mwana wa aMakiyi unayandikira, akuchikazi n'kumafunsa kuti mwana wathu akagona m'lole kodi.

Loweruka lina masana, aWailesi ndi akazi awo pochokera kumsika anapeza chipinda chawo chili yasa ngati pakamwa pogwa mano. Chitseko chobiriwira chinali chitazulidwa ndi mahinjesi omwe. Chinali chitatsamira pakhonde la aMakiyi, eni ake atakhala pampando patsogolo pake, hamala pamwendo.

"Chitseko ndi changa, ndachifuna," anatero. "Mphepo ndi ya Mulungu, mukhoza kukhala nayo."

AWailesi anathamangira kwa wometa, koma wometa anati nkhani za zitseko sanaziphunzire. Apa ndi pamene akazi a aWailesi, amene anapirira miyezi itatu akuwatsegulira amuna awo mabotolo, anamanga nsalu m'chiuno.

"Bambo a ana, tulutsani manjawo."

"Mayi, lamulo..."

"Lamulo lili kukhoti, silili m'khwapa mwanu. Lolemba tikupita, ndipo chikwama munyamula ndinu."

Anapachika bulangete pakhomo, n'kumasinthana kulondera mawailesi akufa. Lolemba anakadandaula kukhoti la majisitireti. Kalaliki analemba nkhaniyo, samani yowaitanira kumlandu inapita kwa aMakiyi, ndipo iwo anailandira ndi manja awiri, chifukwa wobweretsayo anali atavala yunifomu.

Tsiku la mlandu mdadada wonse unapita, wometa atavala tayi. Majisitireti anali mayi wa magalasi pamphuno, wooneka kuti anamva kale bodza lililonse la padziko. Anawerenga mgwirizano wa dzimbiri uja, n'kuyang'ana aMakiyi.

"Bambo, chitseko munachotsa ndinu?"

"Ndi changa, bwana. Ndinagula ndekha."

"Nyumbanso ndi yanu, palibe akukana. Koma munthu akamachita lendi, simungamutulutse ndi hamala. Kuzula chitseko, kusasula denga, kusintha loko, kumutayira katundu panja, zonsezo n'kuphwanya lamulo. Mumapereka notisi yoyenera. Nthawi ikakwana iye osatuluka, mumabwera kuno, khoti ndi limene limalamula, ndipo okamutulutsa ndi anthu otumidwa ndi khoti, osati inu ndi mimba yanu."

Mawu omalizawo mwina sananene choncho ndendende, koma mdadada wonse unamva choncho. AWailesi anayamba kumwetulira. Mayiyo anatembenuka.

"Nanga inu, m'khwapamo muli chiyani?"

"Manja, bwana."

"Akupweteka?"

"Ayi, akubisala."

Atafotokoza, kalaliki anagwetsa cholembera n'kuchedwa dala pansi pa tebulo. Majisitireti anavula magalasi.

"Anakunamizani ndani? Kuthawa kalata sikuipha. Mwini nyumba akabwera nayo pamaso panu, pali mboni, inu n'kukana kuigwira, iye n'kuisiya pamapazi panu, khoti likhoza kuona kuti mwapatsidwa. Mwavutitsa m'khwapa pachabe."

Wometa anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

"Kalatayo ili kuti? Tiione," anatero majisitireti.

AMakiyi anatulutsa envelopu ya khaki, yakuda ndi thukuta, yopindika ngati batire. Kalaliki anaing'amba n'kuwerenga mokweza: "Iwe Wailesi, tuluka pasanathe masiku asanu ndi awiri. Ndatha ine mwini wake."

"Basi?"

"Basi, bwana. Deti palibe, siginecha palibe."

"Mgwirizano wanu ukuti miyezi iwiri. Iyi si notisi, ndi kalata yaukali chabe. Bambo Wailesi, mukanailandira tsiku loyamba n'kuiwerenga, bwenzi mutaipinda n'kutsekera mwendo wa tebulo."

Abale, miyezi itatu munthu kuthawa pepala lopanda mano! Akazi a aWailesi anangowayang'ana amuna awo ndi diso lija limene limasunga nkhani mpaka kunyumba.

Khoti linalamula kuti chitseko chibwerere tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, pa ndalama za aMakiyi, ndipo asawasokonezenso aWailesi. Ngati chipinda akuchifunabe, alembe notisi ya miyezi iwiri yathunthu. Madzulo ake aMakiyi anasenza chitseko pamsana, n'kuchikhoma okha, aWailesi atakhala pampando akulozera ndi zala zonse khumi.

"Chapendama, bwana. Kwezani pang'ono. Ayi, mwapyola."

Koma chisangalalo chinali cha masiku atatu. AMakiyi anapita kwa wolemba makalata weniweni, ndipo notisi yachiwiri inabwera yotayipa, ya deti, ya siginecha, yotchula tsiku lotuluka, mboni ziwiri zili pambuyo. AWailesi anaiwerenga kawiri kufunafuna pobowoka. Panalibe. Lamulo limene linawabwezera chitseko silinawalonjeze kufera m'chipinda cha mwini. Linawapatsa miyezi iwiri yokha, ndi ulemu wotuluka ndi miyendo yawo.

Miyezi iwiriyo anaigwiritsa ntchito. Anayenda misewu yonse mpaka anapeza kachipinda kuseri kwa sitolo ya utoto, misewu inayi kuchokera pamdadada, kobisika moti ngakhale fumbi limachita kufunsa njira. Tsiku lotuluka anakweza bedi ndi mitembo ya mawailesi pangolo, n'kusesa, n'kupereka kiyi. Sabata yoyamba kumalo atsopanowo sikunabwere munthu ndi mmodzi yemwe. Ankangokhala, kupukuta magalasi, kuyang'ana khoma la sitolo.

Lolemba la sabata yachiwiri anamva phokoso panja. Anali mkazi wa mwana wa aMakiyi, mkwatibwi watsopano uja, maso ali psuu, kumbuyo kwake anthu asanu ndi mmodzi, aliyense wailesi m'manja, wina atasenza sipika.

"Ndinu aWailesi? Tengani anthu anu! Chikwatiwireni sindinagoneko m'mawa. Kukangocha gogogo, 'yasiya kugwira, mayi.' Ine ndinakwatiwa ndi dalaivala!"

"Pepani, mwana wanga. Muziwauza kuti ndinasamuka."

"Ndimawauza! Amangosiya pakhomo n'kumati abwera Loweruka. Ndiye mawa ndibweranso nawo ena, ndipo mundisungire mpando, miyendo yatupa."

AWailesi anadzuka, n'kumupatsa mpando wawo womwe, n'kuitana wa sipika uja kuti ayambe ndiye.