Kabotolo ka Alamu Anga

“Iwe walemba mayeso dzanadzanali, tandiuza, pepala linaphikapo mpunga?” Anandifunsa choncho alamu anga, amuna awo a achemwali, tili pa benchi ya ku ofesi ya ziphaso za malonda.

Alamuwa anaphika ku hotela zaka khumi ndi zisanu, ndipo sangakupatseni moni osakuuzani zimenezo. Chipewa chawo choyera cha ushefu amachisita ndi Lamlungu lomwe. Ntchito itatha anapeza kachipinda kuseri kwa galaja kuti azigulitsamo chakudya. Mwini galajayo analonjeza kuti amakaniko ake onse azidya pamenepo masana, bola laisensi ikhale pakhoma mwezi usanathe. Apo ayi, apeza wina. Ine ananditenga kuti ndikawalembere, poti amati cholembera chimawapweteka chala.

Titafika pa desiki alamu sanakhale n’komwe.

“Mayi, ndipatseni laisensi. Ndine shefu.”

Mayi wa magalasi wa pa desikipo anatulutsa fomu modekha. “Laisensi imabwera kumapeto, bambo. Choyamba mukalembetse dzina la bizinesi. Kenako aliyense wogwira chakudya akayezedwe kuchipatala. Mukabweretsa fomuyi ndi mapepala amenewo, a zaumoyo adzabwera kudzaona malowo: madzi, posambira m’manja, chimbudzi, kotaya zinyalala. Akavomereza, mulipira, laisensi ituluka.”

Ine ndinkalemba zonse, manambala m’mbali, kuti aone kuti pano pali munthu wa sukulu.

Alamu anasolola chikalata chachikasu m’thumba. “Kuyezedwa ndinayezedwa kale.”

“Ichi chinatha ntchito mtsikanayu ali ku pulayimale. Mukapita akakupatsani kabotolo, mukaikemo chimbudzi pang’ono.”

“Chani? Ine? Ndadyetsa mabwana a mataye, palibe anatsegulapo m’mimba!”

“Tizilombo sitidziwa chipewa, bambo. Wotsatira!”

Pa benchi wina anaseka mpaka kutsokomola. Alamu anatuluka chifuwa patsogolo ngati tambala, fomu n’kuisiya pa desiki pomwepo. Ndinaitola ndine.

Kunyumba nkhani inasanduka ina. Akuti mayi uja ndi wansanje, akuti ofesi yonse ikufuna kuwagwetsa. Achemwali anangoti, “Bambo a mwana, kabotolo kokha?” Iwo anayankha kuti mwamuna wa ndevu sayenda ndi zoterozo mumsewu. Munthu woti tsiku lonse amapisa dzanja m’mimba mwa nkhuku!

Papita sabata ziwiri. Alamu akupukuta mapoto opukuta kale, amakaniko akungosuzumira pawindo n’kubwerera. Mwini galaja wayamba kucheza ndi mayi wina wa tiyi wa kutsidya kwa msewu, amene laisensi yake ili m’felemu.

Ine zondidikiritsa zinandikwana kusukulu. Lolemba m’mawa ndikupita ndi achemwali kuchipatala, aliyense ndi kabotolo kake, ndipo pa fomu pamene palembedwa kuti “ogwira chakudya” ndilembapo mayina athu awiri. Shefu azitilandirira alendo pakhomo.