Nsalu ya Chinkhoswe Imene Inali Pachithunzi Pokha

Chaka chimene mng'ono wanga ankachita chinkhoswe, ntchito yogula nsalu ya banja inagwera ine. Ndinkagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni ya Blantyre, ndipo kwathu ku Nancholi ankaona ngati munthu woswera pa kompyuta amadziwa kumene chilichonse chimapezeka.

Nsaluyo ndinaiona pa webusaiti ya sitolo ina ya ku Limbe. Inali yofiira moderako, ya maluwa agolide onyezimira ngati opeta ndi ulusi. Nditatumiza chithunzicho pa gulu lathu la pafoni, azakhali, amene savomera chinthu msanga, anangolemba kuti, "Imeneyo." Ena anayamba kugula mipango ndi nsapato zoyendera limodzi ndi golideyo. Ndinalipira pafoni, wa njinga yamoto n'kubweretsa katunduyo ku ofesi.

Nditamasula, ndinayamba ndakhala pansi. Nsalu inali yofiirira ngati njerwa. Maluwa analipo, koma achikasu, ongodinda, osawala m'pang'ono pomwe.

Imelo yoyamba imene ndinalemba inali yaukali, mawu oti kuba analimo kawiri. Ndinaifufuta. Chimene chinkandiwawa kwenikweni chinali nkhope ya azakhali akadzaiona, koma zoterozo sulembera sitolo, komanso m'Chingerezi cha mu ofesi sizikanamveka. Ndinangolemba nambala ya oda, ndi kufotokoza chimene ndinaona ndi chimene ndalandira. Ndinaikapo chithunzi chawo chija, komanso changa chimene ndinajambula padzuwa, panja pa ofesi. Ndinapempha kuti andisinthire, apo ayi andibwezere.

Yankho linabwera mawa lake, laulemu koma louma. Mitundu imaoneka mosiyana malinga ndi foni, anatero, ndipo nsalu yodulidwa kale sibwezedwa.

Ndinalilingalira yankho limenelo, chifukwa mbali ina linali loona. Foni yanga ndi ya mnzanga wa mu ofesi sizinkaonetsa kufiirako mofanana. Koma foni zonse ziwiri zinkaonetsa maluwa onyezimira. Ndinalembanso mwachidule kuti foni ikhoza kusintha mtundu, koma singawalitse duwa longodinda. Ndinawapempha kuti aike chithunzi chawo pambali pa nsalu yawo, aone okha.

Madzulo ake anayankha kuti ndibwere nayo.

Loweruka azakhali anaumirira kundiperekeza. Mu minibasi anangofukata mtolo wa nsaluyo pamiyendo. M'sitolomo tinapeza bambo achikulire achimwenye, obadwira ku Limbe konko, Chinyanja chawo chosalala kuposa changa. Pambali pawo panali mwana wawo wamkazi, wamsinkhu wanga, amene ankayendetsa malonda a pa intaneti. Ndi iyeyo amene ankandiyankha.

Bambowo anavala magalasi, n'kutenga foni yanga. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana nsalu, kenako chithunzi.

"Nsalu iyi ndilibe, mayi," anatero. "Sindinakhalepo nayo."

"Ndi yomweyi, adadi," mwana wawo anayankha motsitsa mawu. "M'sitolo muno ndi mwamdima. Ndikajambula zimatuluka zakuda, anthu sagula. Ndinangowonjezera kuwala ndi mtundu pafoni."

"Wawonjezera mpaka wasoka ina," anatero azakhali.

Mtsikanayo ananditembenukira n'kunena kuti, "Achemwali, nditaona chithunzi chanu cha padzuwa chija, ndinachita manyazi. Ndimasintha pang'onopang'ono, ndiye diso limazolowera."

Ndinamukhulupirira. Sindinaone wakuba pamenepo. Ndinaona munthu amene bambo ake anagulitsa nsalu moyo wawo wonse kwa anthu oigwira ndi manja, iye n'kupatsidwa ntchito yogulitsa kwa anthu amene sangaigwire. Komabe wotsala ndi nsalu yolakwika ndinali ine, ndipo ndinamuuza zimenezo.

Bambo aja analandira nsaluyo ngakhale inali yodulidwa kale, n'kutiuza kuti tisankhe ina. Yagolide yonyezimira munalibe m'sitolo monse. Azakhali ankatikita nsalu iliyonse ndi zala, kupita nayo pakhomo powala, kubwerera, osathamanga. Anasankha yobiriwira moderako. Za mipango yogula kale ija anati, "Golide sakana mnzake," ngakhale msuweni wathu wina anang'ung'udza mpaka tsiku la chinkhoswe.

Tikutuluka, mtsikana uja anatiimitsa. Anapempha azakhali kuti amugwirire nsalu ya njerwa ija panja, aijambulenso. Azakhali anaima pakhonde, pakati pa ogulitsa malonda ndi phokoso la oitanira minibasi, atatambasula nsalu imene anaikana, akumulangiza kuti asunthe pang'ono, dzuwa lili uko.

Sabata yotsatira ndinalowanso pa webusaitiyo. Nsalu ija inalipo, yofiirira, ya maluwa achikasu. M'mphepete mwa chithunzicho munkaoneka zala za azakhali.